Chitsime cha Abambo Eni Nyumba

Ndinafika ku Lilongwe chapakati pa zaka za m'ma 2000, nditapeza ntchito mu labotale yoyeza madzi akumwa. Kwathu ndi ku Mulanje. Mwana wanga wamkazi, yemwe panthawiyo anali asanayambe sukulu, ndinamusiya ndi amayi anga, ndipo ndinkati ndikakhazikika ndidzamutenga. Mu Lilongwe ndinalibe m'bale ngakhale mmodzi. Nyumba ndinaipeza kumapeto kwa Area 25, mbali yoyandikana ndi Mgona. Chinali chipinda chimodzi ndi kakhonde, kuseri kwa nyumba yaikulu ya eni ake.

Eni nyumbawo anali abambo achikulire a ku Rumphi, amene anagwira ntchito ya fodya ku Kanengo mpaka kupuma. Akazi awo anali atamwalira. Ana awo anali kutali, wamkazi ku Mzuzu, wamwamuna ku Joni. Kutchalitchi anali mkulu wa mpingo, ndipo ngakhale pakhomo ankavala malaya omanga mabatani mpaka m'khosi. Ine ndinkangowaitana kuti Abambo, iwo nkumanditcha mwana wanga.

Pakati pa bwalo panali chitsime. Anachikumba okha kalekale, dera lonselo lidakali minda ya chimanga, iwo ali m'dzenje akazi awo akukoka dothi ndi ndowa. Pakamwa pake anaikapo tayala la lole, ndipo ankavundikira ndi chidutswa cha lata. Madzi ake anali oyera mbee, ozizira ngakhale mu Okutobala. Kumbali kwathu kunalibe mipope, choncho amayi a nyumba zoyandikana ankadzatunga pomwepo, ndipo Abambo sankalipiritsa munthu. M'mawa uliwonse ankatulutsa mpando nkukhala pansi pa mtengo wa mango, wailesi ili pamwendo. Ankadziwa mwana amene akumera mano, mwamuna amene ntchito yamuthera, ndi nyumba imene kwabwera alendo. Amayiwo ankawaseka Chichewa chawo cha kumpoto, iwo nkumaseka nawo. Dzuwa likakwera bwalo linkakhala zii, Abambo nkulowetsa mpando.

Inenso anthu olankhula nawo anali omwewo. Ndikamatuluka kupita kokwerera minibasi, amayiwo ankandipatsa moni, wina nkundifunsa za mwana. Kuntchito tinalipo awiri okha, ine ndi abwana anga, koma iwo nthawi zambiri ankakhala ali m'maboma. Ndinkatha tsiku lonse ndili ndekha ndi mabotolo. Madzulo ndinkaphika pa mbaula pakhonde, nkudyera mu poto momwemo.

Madzi a pachitsime ndinkasamba ndi kuchapira, koma sindinkamwa. Akumwa ndinkatunga pa mpope wa kuntchito m'kachigubu, nkukaika m'chikwama. Sindinauze munthu. Kungoti zitsime zotere ndinali nditayeza zambiri.

Tsiku lina Loweruka, mvula itayamba kale, ndinkachapa pakhonde. Abambo anabwera nkuima pafupi, manja ali kumbuyo.

"Mwana wanga, ndaona kuti madzi anga simumwa," anatero.

Ndinayankha kuti ndinazolowera a kuntchito.

"Ayi, musandinyengerere. Inu ntchito yanu ndi ya madzi. Ngati mwaonamo kanthu, ndiuzeni."

"Sindinaonemo kanthu, Abambo. Ndi maso simungaone. Mpaka kuyeza."

"Ndiye ayezeni. Amayi anu aja anamwa madzi amenewa mpaka tsiku lawo lomaliza. Ndikufuna mukayeze, kenaka mudzamwe pamaso panga."

Ankanena za akazi awo. Analankhula akumwetulira, ndipo ndinaona kuti sankakayika ngakhale pang'ono.

Abwana anavomera mosavuta, popeza nyengo imeneyo tinkayeza kale zitsime za mbali ya Mgona. Lachinayi m'mawa ndinatenga botolo lophikidwa bwino la ku labotale, ndinalimangirira ku chingwe choyera, nkulitsitsira m'chitsime osakhudza m'mbali. Amayi aja anasiya kutunga nkumandiyang'ana. Ndinatseka botolo, ndinaliika m'kabokosi ka ayisi, nkuthamangira minibasi, chifukwa madzi oyeza safuna kugonetsa. Akakhalitsa, tizilombo tina timafa, tina timaswana, ndipo zimene upezazo sizikhalanso za m'chitsime.

Ntchito yosefa ndinkaikonda chifukwa inkafuna manja odekha. Tinali ndi kafanulo kachitsulo kokhala pamwamba pa kapu, ndi kapampu kapamanja. Choyamba ndinkapha tizilombo tonse m'kafanulomo. Ndinkathira timadontho ta spiriti wa methano m'kapu, kuyatsa, nkuvundikira ndi kafanuloko kuti moto uzime ndipo mpweya wake ugwire ntchito. Kenaka ndi kopanira kowotcha pamoto ndinkanyamula kasefa. Kasefako ndi kopyapyala ngati pepala, koyera, kozungulira, kokwana pachikhatho, kolembedwa timizere. Timabowo take ndi tating'ono kwambiri moti madzi amadutsa koma mabakiteriya amatsalira pamwamba. Ndinkathira madzi okwana mamililita 100, kupopa, madzi nkutsikira m'kapu. Ukakayang'ana kasefako panthawi imeneyo sikaoneka kusintha, kangonyowa basi. Ndinkakanyamula nkukagoneka m'kambale kachitsulo, pamwamba pa kathonje konyowetsedwa ndi chakudya cha mabakiteriya chofiira, chimene tinkangochitcha msuzi. Timbaleto tinkayamba tapuma maola angapo kuti tizilombo tofooka titsitsimuke, kenaka nkulowa mu inkyubeta, kabokosi kofunditsa, pa madigiri 44 mpaka m'mawa mwake.

Tsiku limenelo ndinakonza timbale tinayi. Koyamba kanali ka madzi ophikidwa a mu labotale, kotsimikizira kuti zida zanga nzoyera. Kachiwiri kanali ka madzi a pampope wathu. Kachitatu kanali ka chitsime, mamililita 100, ndipo kachinayi ka chitsime chomwecho koma mamililita khumi okha, chifukwa ndinkadziwa kuti tizilombo tikachuluka pa kasefa kamodzi sitiwerengeka.

Madzulo Abambo anandiuza kuti adzapita nawo. Anati nkhani yotere safuna kungoimva m'kamwa mwa munthu. M'mawa ndinawapeza atavala kale jekete ndi tayi, ngati akupita ku msonkhano wa akulu a mpingo. M'minibasi tinakhala mpando umodzi. Anandionetsa mashedi a fodya amene ankagwirako, ndipo anandifotokozera mmene fumbi la fodya linkawatsokomoletsera. Kuyambira pamene ndinafika mu Lilongwe, aka kanali koyamba kuyenda ulendo ndi munthu wondidziwa.

Ku labotale ndinawapatsa mpando pafupi ndi zenera, nkutulutsa timbale. Timafunika kuwerenga tidakali totentha, chifukwa tikazizira mitundu imasintha. Ndinatsegula koyamba, munalibe kanthu. Kachiwirinso chimodzimodzi, kasefa kofiirira, timizere tikuoneka bwinobwino. Abambo anagwedeza mutu. Nditatsegula kachitatu, kasefa konse kanali kachikasu, timadontho titakhudzana mpaka timizere kubisika. Kachinayi kanali ndi timadontho tachikasu tosiyana bwino, ngati mapira omwazika.

Anavala magalasi awo nkuwerama.

"Zimenezi zachokera m'madzi anga?"

"Eya, Abambo. Kadontho kalikonse kanali kachilombo kamodzi, kapena tingapo togwirana, kamene kanatsalira pa sefa. Kadya msuziwu, kaswana mpaka kuoneka ndi maso. Kakamadya kamatulutsa asidi, ndiye amene wasandutsa mtunduwo kukhala wachikasu."

"Nanga tapinki iti?"

"Timeneto sitiwerenga. Ndi ta mtundu wina."

Anayamba kuwerenga okha pa kambale kachinayi, akulozera ndi chivindikiro cha bolopeni osakhudza. Anapitirira makumi atatu, nkusiya. Ndinawakumbutsa kuti amenewo anali madzi osadzaza ndi supuni yaikulu yomwe.

"Ndiye kolera ameneyu?" anafunsa.

"Ayi. Kolera sitinamufune nkomwe. Matenda oyenda m'madzi ndi ambiri, kolera, taifodi, kamwazi, ndipo kusaka lililonse palokha nkovuta, komanso lero lilipo mawa palibe. Ndiye timasaka iti, timati makolifomu. Kwawo ndi m'matumbo a munthu ndi a nyama, ndipo m'chimbudzi cha aliyense timakhalamo tambirimbiri, wodwala ndi wosadwala yemwe. Tambiri mwa ito sitidwalitsa. Kutentha kuja timaika dala, kuti ta m'dothi wamba tilephere kukula, titsale tozolowera m'mimba. Tikatipeza m'madzi, timadziwa kuti pali njira yochokera ku chimbudzi kufika m'madzimo. Tsiku limene wodwala kolera adzagwiritse ntchito chimbudzicho, matendawo adzadzera njira yomweyo."

Anavula magalasi.

"Chimbudzi cha ndani? Changa ndinachikumba kumunsi, kutali. Ndinayeza ndekha ndi chingwe."

"Kambaleka sikanena, Abambo. Sikasiyanitsa cha munthu ndi cha bakha, kapena chanu ndi cha a kuseri kwa mpanda."

Tonse tinkadziwa kuti kuseri kwa mpanda wawo, kumtunda, kunali kutamangidwa mdadada wa nyumba za lendi, ndipo zimbudzi zake zinatsamira mpandawo. Koma panalinso abakha oyendayenda pabwalo, ndi zingwe za ndowa zimene amayi ankaziponya pansi pamatope. Sanatchule munthu. Anangoti, "Yewo, mwana wanga," mawu akwawo othokozera, nkuimirira. Anabwerera okha, ine ndinatsala kuphika timbale tija mu poto wa nthunzi, kuti tizilombo tife tisanatsukidwe.

Ndinkaganiza kuti mwina angokhala chete, kapena andipempha kuti ndikhale chete. Koma m'mawa mwake, amayi atasonkhana, Abambo anaimirira pambali pa chitsime atavala jekete lomwe lija. Ndinali pakhonde ndipo ndinamva zonse. Anawauza kuti madzi ayezedwa, kuti awaona ndi maso awo, ndipo muli zochokera ku chimbudzi. Anati wofuna kuchapa atunge, wofuna kumwa ayambe wawiritsa kapena kuthira mankhwala, koma iwo sangalolenso kuona mwana akumwera pa ndowa pabwalo pawo.

Mayi wina, wamkulu pa onsewo, anati, "Abambo, ife tamwa madzi amenewa zaka zonsezi. Tafa?"

"Simunafe, Amayi. Koma ndaona zimene ndaona."

Mayiyo anatembenuka nkuyang'ana kukhonde kwanga. Enanso anayang'ana. Palibe ananditukwana. Kungoyambira tsiku limenelo moni anafupika, ndipo za mwana wanga palibe anafunsanso. Ndinamva kuti ankanditcha mayi wa tizilombo. Mmodzi yekha, wamng'ono, wobereka khanda, anandiimitsa panjira tsiku lina nkundifunsa chapansipansi ngati madzi ayenera kubwadamuka kapena kungotentha. Ndinamuuza kuti abwadamuke ndithu, ndipo akazizira azitungira ndi kapu imodzi yokhala ndi chogwirira. Anathokoza nkufulumira kupita.

Makala anali ovuta, ndipo ndikudziwa kuti ambiri sankawiritsa. Ena anayamba kupita ku kiyosiki ya madzi a m'mipope imene inali kutsidya kwa msewu, kutali ndithu, ndipo popeza anali atayenda kale ankatungira komweko ndi ochapira omwe. Pang'onopang'ono bwalo linayamba kuchepa anthu. Abambo ankatulutsabe mpando. Masiku ena pankabwera amayi awiri, masiku ena mmodzi, wotunga mwachangu nkumapita.

Abambo sanagonje msanga. Anachotsa tayala lija, anamanga khoma la njerwa lofika m'chiuno, anathira simenti kuzungulira chitsime ndi kangalande kotaya madzi kutali. Anapangitsa chivindikiro chachitsulo. Anagula ndowa imodzi ndi chingwe chake, zokhala pa mtanda osagunda pansi. Mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lathu anadzathira klorini, mankhwala ophera tizilombo m'madzi. Tsiku lotsatira Abambo anagogoda pachitseko changa kuti ndikatenge botolo.

Ndinawapempha kuti tidikire. "Tikayeza lero tipeza mulibe kanthu, koma ameneyo adzakhala klorini. Tidikire athe, madzi atsopano alowe. Tikatero tidzamva za chitsimecho."

Anadikira, ndipo nditayeza timadontho tinali titachepa kwambiri, moti tinkawerengeka ngakhale pa mamililita 100. Ntchito yawo inathandiza. Koma tachikasu tinalipobe, ndipo madzi akumwa safunika kukhala ndi kamodzi komwe. Pamwamba anali atatseka bwino, choncho ndinawauza kuti mwina zotsalazo zikudzera pansi, m'dothi, ndipo kumeneko simenti singafike.

Nthawi imeneyo sanapite nawo ku labotale. Ndinawauzira pabwalo, nditangofika kuchokera kuntchito, iwo akuthirira mpiru wawo. Anaika kheni pansi.

"Mwana wanga, ndikufunseni. Dzinja lapitalo, inu musanabwere, kunyumba ya malata ofiira uko kunamwalira mwana. Anatsekula m'mimba, sanachedwe. Ndinayendetsa mwambo wa maliro ndine. Mayi ake ankatunga pano." Anayang'ana chitsime. "Anali madzi anga?"

Ndinkafuna kunena kuti ayi, koma sindikanatha. Ndinawauza kuti kambale kamanena za madzi a tsiku limene watunga lokha, ndipo za chaka chatha palibe angadziwe. Mwana amatha kutenga matenda ku chakudya, ku manja, ku ntchentche, ku ndowa ya m'nyumba.

"Koma zikhoza kutheka."

"Zikhoza kutheka, Abambo."

Anatola kheni nkupitiriza kuthirira. Ine ndinalowa m'nyumba. Kwa masabata angapo tinkangopatsana moni. Sanandikwiyire, ndikudziwa. Ankatuma munthu wa njinga kukawatungira madzi akumwa ku kiyosiki, ndipo zigubu zachikasu zinkatsitsidwa pakhomo pawo, pafupi ndi chitsime chodzaza madzi.

Mwezi wa Juni ndinapita ku Mulanje kukaona mwana. Ndinamupeza atatalika, ndipo tsiku loyamba ankandiitana kuti anti. Amayi anga anandifunsa ngati tsopano ndimutenga. Ndinaganiza za bwalo lija, za ine kuchoka m'mawa nkubwera madzulo, ndi kuti panalibe mayi woyandikana naye amene ndikanamusiyira. Ndinati adikire kaye chaka china.

Chilimwe chitafika pachimake, Abambo anandipempha kuti ndiyezenso kamodzi. Madzi anali atatsika kwambiri, dothi lili gwa. Ndinasefa monga mwa nthawi zonse, ndipo m'mawa mwake kasefa kanatuluka kopanda kadontho kachikasu ngakhale kamodzi. Ndinakayang'anitsitsa pazenera. Kwa nthawi yoyamba ndinalakalaka tsiku litafulumira kuti ndikafike kunyumba.

Nditawauza anaseka, kuseka kumene ndinali ndisanakumve kwa miyezi. Anatsegula chivindikiro nkusuzumira m'chitsime.

"Ndiye chachira?"

"Lero chili bwino. Koma mvula ikagwa, madzi a pansi adzakwera mpaka kufika m'maenje a zimbudzi zija. Ndikuopa kuti zidzabwerera."

"Ndiye ndikawaitana amayi aja lero, mu Disembala ndidzawabwezenso."

Anatseka chivindikiro bwinobwino.

"Asiyeni. Anazolowera kale ku kiyosiki," anatero.

Madzulo amenewo anandiitana kuti tidzamwe tiyi pakhonde pawo, chinthu chimene anali asanachitepo. Anandiuza za akazi awo, mmene ankakanira kubwera ku Lilongwe, ndi mmene anadzakondera malowo chifukwa cha dimba. Ndinawauza za mwana wanga ndi dzina la anti lija. Anamvetsera mpaka kumapeto osandilangiza kanthu.

Mvula itabwera ndinayezanso, ndipo timadontho tachikasu tinabwereradi. Ndinawauza, anangogwedeza mutu. Chifuwa chawo cha fodya chija chinakula m'dzinja limenelo, ndipo mwana wawo wa ku Mzuzu anabwera kudzawatenga. Ananyamula zovala, wailesi ndi Baibulo lawo la Chitumbuka. Potsanzikana anandigwira dzanja ndi manja awiri nkundiuza kuti ndikamutenge mwana, ndisachedwe. Amayi angapo a m'dera anabwera kudzawaperekeza kumsewu, ndipo mayi wamkulu uja analira.

Nyumba inagulidwa ndi bambo wina wa bizinesi ya matabwa. Anadula mtengo wa mango kuti amange zipinda zina za lendi. Tsiku lina ndinamva akuuza amisiri kuti dzenje lilipo kale lakuya, la chitsime chija, angoikapo silabu likhale chimbudzi cha alendi atsopano. Ndinapita kukawapempha kuti asatero. Ndinawafotokozera kuti dzenjelo lafika pa madzi enieni, ndipo chilichonse cholowamo chidzapita m'zitsime za anthu a kumunsi, amene ambiri ankamwabe. Anandimvetsera mwaulemu nkunena kuti zikomo, mayi, tiona. Ndinakauzanso mlangizi wa zaumoyo uja, ndipo anati adzabwera.

Mwezi womwewo ndinapeza nyumba ku Kawale, ya zipinda ziwiri, yokhala ndi mpope panja. Tsiku losamuka, katundu wanga yense anakwana pa kapikapu kamodzi. Amisiri anali atagumula kale khoma la njerwa lija, ndipo chivindikiro chachitsulo anachitsamiritsa kumpanda. Sindinadziwe ngati mlangiziyo anafika. Mwana ndinakamutenga teremu yotsatira, anadzayambira sukulu ku Kawale komweko.